Khomo Linatembenuka, Mapilala Anatsala

Yoweli anabadwira ku Mlolo, m'banja la anthu a mpingo wa Rifomu, koma ukulu wake wonse anaudyera ku Pembamoyo, kwawo kwa mkazi wake Jenipher. Anapitako pachikamwini ali mnyamata wa ndevu zowerengeka, ndipo imvi zinamupeza komweko. Anali munthu wosalankhulalankhula, mlimi wa nsawa, wokonda kuyeza chinthu kawiri asanachidule. Apamudzi ankamukonda ndithu, koma chikondi chake chomwe chija chopatsa mkamwini: pamaliro amutume kukumba manda, pamlandu amupatse mpando wakumbuyo.

Malo amene abale a Jenipher anawapatsa anali kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi dambo, pa dothi la makande. Amene analimapo pa makande akudziwa khalidwe lake. Dzinja limafufuma, chilimwe limang'ambika mpaka phazi la mwana kulowa. Nyumba yawo yoyamba inang'aluka. Yachiwiri, ya njerwa zootcha, inapirira zaka zingapo, kenako tsiku lina mvula ili pakati khoma lakuchipinda linagwera mkati, pamphasa pamene mwana wawo wamkazi Takondwa anali atangodzukapo. Mwanayo sanavulale. Koma Yoweli kuyambira tsiku limenelo anatsala ndi khumbo limodzi basi padziko lapansi: kumanga nyumba yoti isadzagwere mkazi wake ndi ana ake.

Takondwa anakula, anakwatiwa, anabereka, bambo ake akadasunga za nyumbayo. Nsawa zitachita bwino zaka zingapo zotsatizana, Yoweli anapalasa njinga kupita ku boma la Chadiza kukaonana ndi mayi wina dzina lake Cathrine, wophunzira za zomangamanga, amene ankajambulira anthu mapulani a nyumba. Cathrine anabwera kudzaona malowo, nakumbitsa dzenje, nafinya dothi m'manja.

"Pano khoma lisamanyamule nyumba, bambo," anatero. "Nyumba inyamulidwe ndi mapilala a simenti ndi zitsulo, ozika pansi kupitirira dothi lofufumali. M'munsi tiwamangirire pamodzi ndi bimu, ndiye kuti mtanda wa konkire, ndipo makoma akhale pa bimuyo, osati pa makande."

Yoweli anafunsa ngati denga lingakhale la konkire, lathyathyathya, loti aziyanikapo nsawa kutali ndi mbuzi ndi nkhumba za eni mudzi. Cathrine anati n'zotheka, denga lotero amati silabu, koma ndi lolemera, ndiye pafunika mapilala enanso awiri mkati mwa nyumba. Apa m'pamene anakhala naye pansi n'kumufunsa mafunso amene Yoweli sanawayembekezere. Bedi lidzakhala pati? Amayi amakonda kudzukira mbali iti? Alendo akabwera amakhala angati?

"Mundiuze zipinda poyamba," anatero Cathrine. "Mapilala ndiwaika mukatha kundiuza. Pilala malo ake ndi mkati mwa khoma, lisaoneke n'komwe. Likathiridwa lathiridwa, silisamuka."

Anagwirizana chonchi. Kutsogolo, mbali ya kumadzulo kumene kumadutsa njira, kukhale zipinda ziwiri zazikulu: balaza ndi chipinda chogona cha eni nyumba. Kumbuyo, kum'mawa, kukhale tizipinda titatu tating'ono. Pakati padutse khoma limodzi lalitali lolekanitsa zazikulu ndi zazing'ono. Khomalo silinali pakatikati penipeni pa nyumba, linasendera kumbuyo, poti zipinda zakutsogolo n'zimene zinali zakuya. Mapilala awiri amkati aja anawaika m'khoma limenelo, pamene makoma a tizipinda tija amadzakumana nalo, ndipo pamwamba pawo padutse bimu yonyamula silabu.

Yoweli anaimvetsa pulaniyo mpaka kuiloweza ngati katekisimu. Chaka choyamba anakumba maenje ndi kuthira mapilala. Chaka chachiwiri, ndi mmisiri wa pamudzi wapafupi dzina lake Lenard, anathira mabimu ndi silabu. Chinaima chinyumba chopanda makoma, miyendo yokhayokha ndi chipewa. Anthu odutsa ankaseka. Ena amati a Yoweli akumanga nkhokwe ya njovu, ena amati ndi pokwerera basi yopita kumwamba. Iye ankangomwetulira, n'kumathirira konkire yake madzi m'mawa ndi madzulo kuti ikhwime bwino. Madzulo ena ankatenga Jenipher n'kumuyendetsa pansi pa silabuyo, akumulozera ndi ndodo kuti apa pakhala khoma, apa zenera lanu, apa bedi.

Chaka chachitatu, cha makoma, Jenipher anadwala. Anayamba ndi kutupa miyendo, kenako befu. Kuchipatala cha pafupi anawatumiza ku boma, ku boma anawatumiza ku Chipata, ndipo kumeneko anakhalako chilimwe chonse, Yoweli akugona pakhonde la odikira odwala.

Tsono apa ndinene mosapsatira, chifukwa pali anthu amakamba nkhaniyi ngati kuti panali mfiti. Panalibe mfiti. Panali chifundo, ndipo chifundo chimenecho n'chimene chinaononga nyumba.

Jenipher anali ndi mlongo wake wamkulu, Jonasi, mwini mbumba, munthu wa gule amene sanapondeko m'tchalitchi koma wamtima wabwino kuposa madikoni ena amene ndikuwadziwa. Jonasi ataona kuti mlongo wake akuvutika ndipo nyumba yaima, anamema mbumba yonse. Amuna anaumba njerwa, akazi anatunga madzi, adzukulu anatuta nkhuni za uvuni. Anagulitsa ng'ombe yake n'kugula simenti. Ankafuna kuti wodwala akamatuluka m'chipatala adzafikire m'nyumba yatsopano, ndipo anauza onse kuti asawatsine khutu a ku Chipata.

Ataitana Lenard kuti ayambe makoma, Jonasi anaima pamene panayenera kukhala khomo, nayang'ana kutsogolo. Kuseri kwa njira, kumadzulo, kunali msitu wa manda a mudziwo.

"Khomo kupenya kumanda, mwini nyumba ali gone m'chipatala?" anatero Jonasi. "Iyayi, amisiri. Alamu anga ndi a tchalitchi, izi sazilabadira, koma wodwalayo ndi wanga. Litembenuzeni lipenye kotuluka dzuwa."

Lenard ndi mmisiri wa dzanja labwino, khoma lake limaongoka ngati chingwe. Koma anazolowera nyumba za malata, zimene ungazitembenuze mmene ufunira bola usanakumbe maziko. Anatenga pulani ija, naizunguliza kuti kutsogolo kukhale kumbuyo, n'kuyamba kuyeza. Makoma akunja anakhala bwinobwino m'mapilala awo, poti nyumbayo kunja inali yofanana mbali zonse. Zipinda zazikulu zinapita kum'mawa, tizipinda tinapita kumadzulo, ndipo khoma lalitali lapakati linasendera kumadzulo nawo. Mapilala awiri aja anatsala pomwe anathiridwa. Lenard anaona ndithu kuti khoma lawaphonya, anakanda m'mutu, koma kumbuyo kwake kunali mbumba yonse itanyamula njerwa ikuimba. Anakumba kangalande kosaya pa makande, namangapo khomalo.

Yoweli anabwera yekha poyamba, kudzatenga ufa ndi zovala. Atatsika minibasi n'kuyenda mpaka kumunsi kwa mudzi, anapeza nyumba yamakoma, yopaka pulasitala, zitseko zili m'malo. Anaizungulira kufuna khomo, nalipeza kumbuyo. Atalowa anaima chilili. Pakati pa balaza panali pilala, lili njo, lopakidwa laimu mwaulemu. Anatsegula chipinda chogona. Linzake linali mmenemo, litaima motalikirako pang'ono ndi khoma, pamalo penipeni poyenera bedi.

Kunja kunali kutadzaza kale anthu. Akazi ankalulutira. Jonasi anabwera akuseka, manja ali otambasula, zikhato zitang'ambika ndi ntchito ya njerwa.

"Alamu, mwaiona? Tati tikupepuzeni katundu. Mizati iwiriyo musadandaule nayo, tizikolekapo zipewa."

Kodi munthu amayankha chiyani pamenepo? Yoweli anagwada, naomba m'manja, nathokoza mbumba yonse mmodzimmodzi. Misozi inatsika, anthu n'kumati ndi ya chimwemwe. Sinali ya chimwemwe. Mtima wake unali utasweka, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti amuuze.

M'mawa mwake anapalasa kupita ku boma, nabwera ndi Cathrine. Mayiyo anayenda m'zipinda zonse, anagogoda khoma lapakati, nasuzumira pansi pake.

"Bwenzi atandiimbira foni," anatero pomaliza, motsitsa mawu. "Khomo likanatha kupita kum'mawa popanda kusuntha khoma ndi limodzi lomwe. Kachipinda kapakati kakanasanduka polowera, basi. Tsopano khoma ili lakhala pa makande, bimu yake yapansi ili uko pansi pa balaza, sikunyamula kanthu. Lidzang'aluka."

"Nanga mapilalawa, mayi, sangachoke?"

"Asayerekeze munthu. Bimu yapamwambayi zitsulo zake tinaziwerengera kuti izipuma pa mapilala awa. Mukachotsa limodzi, mpata umene ikudumpha ukhala wowirikiza kawiri, ndipo kulemera kumene kumaipinda kumachuluka kuposa kawiri. Pamene panali pilala m'pamene idzayambe kung'ambika kunsi. Mwina osati tsiku lomwelo. Koma idzatsika."

Njira inalipo imodzi yosafuna zambiri, anatero Cathrine: kugumula makoma amkati okha, n'kuwamanganso pa mzere wa mapilala monga mwa pulani, khomo n'kulisiya kum'mawa komweko kuti a Jonasi mtima ukhale m'malo. Njerwa zambiri zikanapulumuka.

Kunena n'kosavuta. Njerwa zimenezo zinaumbidwa ndi manja a eni mudzi, simenti yake inali ng'ombe ya mwini mbumba. Mkamwini atenge hamala agumule mphatso ya akuchikazi, pamalo pawo, mlongo wawo ali m'chipatala? Yoweli anayesa kuizungulira nkhaniyo kwa Jonasi, akuyamba ndi kuthokoza, akupitiriza ndi kuthokoza. Atangofika pa mawu oti kugumula, nkhope ya Jonasi inagwa.

"Tinalakwa kuthandiza, alamu?"

"Iyayi, alamu, simunalakwe."

"Ndiye zisiyeni."

Yoweli atabwerera ku Chipata anamufotokozera Jenipher zonse, mpaka kujambula ndi chala pa bulangete. Jenipher anamvetsera, kenako anamugwira dzanja.

"A bambo a Takondwa, ine masiku anga mukuwaona. Musandiyambanitse ndi achimwene. Ndikungofuna ndikagonemo."

Anakagonamo. Bedi linakana kulowa pamalo pake: pakati pa pilala ndi khoma lam'mbali panali pothina, ndipo kuliika kwina linkatseka chitseko. Analiika mopingasa, mutu kukona, mapazi kupilala, zenera lili kumbuyo kwa wodwala. Jenipher sanadandaule. Ankagwira pilalalo podzuka, n'kumaseka kuti mwamuna wake anamumangira ndodo ya simenti. Alendo odzazonda matenda ankakhala pabalaza mogawikana, ena uku ena uko, akusuzumirana kuseri kwa pilala. Pang'ono ndi pang'ono nkhani ya kutembenuza pulani inaiwalika, chifukwa inali yochititsa manyazi anthu ambiri. Inatsala yosavuta kukamba, yoti a Yoweli ndi nzeru zawo za ku boma anadzala mitengo m'nyumba.

Mvula yoyamba itagwa, khoma lapakati linang'aluka kuyambira pansi mpaka pafupi ndi denga, monga ananenera Cathrine. Anthu anati silabu yalemera. Jenipher anamwalira mvula isanathe. Pamaliro azimayi anakhala mozungulira pilala la pabalaza, bokosi lili mbali imodzi, ndipo Yoweli ali panja anamva wina akunong'ona kuti ngakhale maliro akusowa pokhala m'nyumba imeneyi.

Patapita miyezi, mbumba inakhala pansi n'kumusudzula, ndiko kuti kumumasula mwamwambo kuti ukwati watha, abwerere kwawo. Sanamuthamangitse ayi. Anamuthokoza kwambiri, anamupatsa mbuzi ziwiri ndi matumba a nsawa, namuuza kuti pamudzi m'pake, azibwera kudzaona ana. Nyumba inatsalira Takondwa ndi mwamuna wake ndi ana awo atatu. Atamufunsa ngati ali ndi mawu, Yoweli anaimirira chipewa chili m'manja.

"Ndili ndi pempho limodzi, eni mudzi. Mapilala awiri aja asakhudzidwe. Akunyansa, ndikudziwa. Koma ndi amene anyamula denga."

"Musade nkhawa, alamu," anayankha Jonasi mokoma mtima. "Pitani mukapume. Mwaivutikira kokwanira nyumba imeneyi."

Ku Mlolo anafikira m'kanyumba ka udzu kwa mlongo wake, nkhalamba yobwerera kwawo ngati mlendo. Anakhalako chaka. Kenako uthenga unabwera woti mdzukulu wake woyamba akuchita chinkhoswe, abwere.

Anafika kutatsala tsiku limodzi. Takondwa anamulandira pakhomo ndi chimwemwe, namukokera mkati.

"Atate, taonani mmene mwakuliramo!"

Balaza linali lotakasuka, mipando itayalidwa mozungulira. Pilala panalibe. Pansi panali chigamba cha simenti yatsopano, chopolishidwa bwino. Mwamuna wa Takondwa anabwereka makina odulira zitsulo ndi jenereta, anaswa konkire ndi hamala, nadula zitsulo m'mwamba ndi m'munsi. Anali atachita zimenezi mwezi wathawo, pokonzekera alendo, ndipo la kuchipinda amati alichotsa chinkhoswe chikatha.

"Tinkaopa, koma onani, palibe chachitika," anatero Takondwa. "A malume anati mizati yakunja ija ndi yambiri, ikwanira."

Yoweli anakweza maso. Kunsi kwa bimu, pamene panali mutu wa pilala, anali atamatapo pulasitala n'kupaka laimu. Mu laimumo munali kamng'alu kopyapyala ngati ulusi, kodutsa bimu kunsi n'kukwera mbali zonse ziwiri. Anatuluka, nakwera makwerero. Pamwamba pa silabu panali nsawa zoyanika, ndipo matumba odzaza anali ataunjikidwa pakati, pamwamba penipeni pa balaza. Anasuntha thumba limodzi, nathira madzi a m'botolo lake. Kale madzi ankathamangira kumphepete. Tsopano anayenderera pang'onopang'ono kupita pakati, naima pamenepo.

Anaimbira Cathrine ali pamwamba pomwepo. Mayiyo anali kutali, ku ntchito ina kupitirira Chipata, ndipo sakanafika sabata imeneyo. Sanazungulire mawu.

"Tsitsani matumba onse lero. Muike mitengo yolimba yochirikiza bimuyo, pansi muyale thabwa lochindikala, muikhomerere ndi timatabwa tosongola kuti igwire. Ndipo musalowe anthu mmenemo mpaka nditabwera. Bambo, mukundimva? Musalowe anthu."

Matumba anawatsitsa yekha, nkhalamba, limodzilimodzi, anyamata akumuyang'ana n'kumaseka kuti agogo ayamba masewera olimbitsa thupi. Anadula mabulugamu awiri kudimba, nawakoka mpaka m'nyumba, nawaimika pansi pa bimu. Dzuwa likupendeka anapita kwa Jonasi, nagwada, nafotokoza zonse: kamng'alu, madzi oima, mawu a Cathrine. Anapempha kuti chinkhoswe chichitikire panja, pansi pa mtengo wa mango.

Jonasi anali atakalamba nayenso, maso atachita ng'ala. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Alamu, ndikukumverani chisoni. Chiyambire imfa ya mlongo wanga mtima wanu sunakhazikike. Koma akuchimuna akuchokera ku Chipata, anthu a magalimoto. Tiwakhazike pafumbi nyumba ilipo? Tiwalowetse m'balaza muli mitengo ngati khola la ng'ombe? Mwezi wathunthu denga lili chikhalire. Mawa lokha, kenako muchite zimene mukufuna."

Yoweli anapita kwa Takondwa. Mwana wakeyo analira, nati atate akufuna kumuchititsa manyazi pa tsiku la mwana wake, ndipo zoti iwo ndi a malume sankagwirizana za nyumbayi si mlandu wake. Anapita kwa mkamwini wake, amene anamuyankha mwaulemu wonse kuti amva, aona mmene angachitire. Yoweli anawadziwa mayankhidwe amenewo, poti iye mwini anayankha choncho zaka zonse za uchikamwini wake.

Kutacha, mabulugamu aja anali atagonekedwa kuseri kwa khitchini, azimayi atakhalira akusenda anyezi. Matumba ena anali atabwezedwa pamwamba, kuti pabwalo pakhale malo ovinira. Yoweli anaima pakhomo n'kumauza aliyense wolowa kuti denga silili bwino. Ena anamupatsa moni n'kudutsa. Ena anayang'ana m'mwamba, naona laimu woyera, nalowa. Mzimayi wina anauza mnzake kuti ndi bambo ake a mwini nyumba, anasokonekera pang'ono chimwalirire akazi awo.

Balaza linadzaza. Akuchimuna anakhala m'mipando, mbumba pamphasa, ana anadzipanikiza m'mphepete mwa makoma. Mdzukulu wa Yoweli uja analowa atavala chitenje chofanana ndi cha mnyamata wake, nakhala kutsogolo, Takondwa ali pambali pake. Panja ng'oma zinayamba, ndipo anyamata ena anakwera pa silabu kuti azionera bwino gule.

Yoweli analibenso woti amuuze. Anavula nsapato pakhomo, nadutsa pakati pa anthu akupepesa. Wina anamulozera mpando wa ulemu pafupi ndi a Jonasi, iye anapukusa mutu. Anakakhala pansi, pa chigamba cha simenti yatsopano, pansi penipeni pa mng'alu. Kamdzukulu kake kakang'ono kanabwera kudzakhala pamiyendo pake. Anakanyamula, nakapereka kwa mzimayi amene anali pafupi ndi khomo, nati akatulutse panja kakaone ng'oma.

Takondwa anawerama n'kumunong'oneza kuti asunthe, akutsekereza alendo.

"Ndisiye pompano, mwana wanga," anatero Yoweli. "Denga ili ndinathira ndine. Likamabwera liyambire ine."